Dzanja lapanidwa pachigayo: nanga papepala tilembepo chiyani?

Munthu akavulala pantchito, awiri atatu amathamanga naye kuchipatala, otsala nkuunjikana pamalopo kumakambirana. Pasanathe ola limodzi mlandu umakhala utapeza kale mwini wake. Wina akuti mnyamatayo ndi wosamva, wina akuti anagona ku mowa, wina akunong'oneza mnzake kuti malo ano si abwino. Kenako kapitawo amapatsidwa pepala kuti alembe lipoti, ndipo chomwe amalemba nthawi zambiri ndi chomwe chamveka pagulu paja: "Anavulala chifukwa cha kusasamala kwake." Mzere umodzi, kusaina, pepala m'kabati.

Lipoti lotere silithandiza wovulala, silithandizanso mwini ntchito, ndipo makina amene avulaza munthuyo limawasiya momwe analili, mawa wina akagwireponso. Lipoti la ngozi lili ndi ntchito imodzi yokha: kusunga zimene zinachitika zisanafufutike, kuti munthu amene panalibe, kaya ndi wa ku ofesi ya zantchito, dokotala, wa inshuwalansi kapena makaniko, athe kuona tsikulo ngati analipo. Funso lakuti walakwa ndani lili ndi nthawi yake ndi anthu ake. Likalowa m'lipoti loyamba limathamangitsa mfundo zomwe zikanathandiza kuliyankha.

Kuti zimveke bwino, titenge chitsanzo cha ngozi ya mtundu womwe ungachitike pachigayo chilichonse cha magetsi. Chigayo chikugaya mgaiwa masana, magetsi nkuthima chimanga chikadali m'kati. Aliyense amene anagwirapo pachigayo amadziwa kuti chikaima chili chodzaza chimavuta kudzutsa, ndiye woyendetsa amafuna kuchipungula magetsi asanabwere. Mnyamata wathuyu akugwira lamba ndi dzanja nkumamukoka pang'onopang'ono kuti nyundo za m'kati zizungulire, chimanga chitsike. Magetsi akubwera, mota ikudzuka, zala zikupanidwa pakati pa lamba ndi gudumu lake.

Kapitawo asanagwire cholembera, pali zinthu ziwiri zoyamba. Wovulala athandizidwe, ndipo swichi yaikulu izimitsidwe kuti wina asavulalenso. Zikatero, pamalopo pasakhudzidwe. Apa ndi pomwe ambiri amataya umboni chifukwa cha mtima wabwino: wina amasesa, wina amatsuka magazi, wina amabwezeretsa chotchinga lamba pamalo pake kuti bwana akafika apeze zili bwino. Foni yojambula ilipo pafupifupi paliponse masiku ano, ndiye jambulani kaye. Chithunzi china chionetse chipinda chonse, china makina ali pafupi, china swichi momwe yapezekera. Pojambula kanthu kakang'ono, ikani pambali pake tepi yoyezera kapena bokosi la machesi kuti kukula kwake kudziwike. Mukakakamizika kusuntha chinthu kuti mupulumutse munthu, sunthani, koma mulembe kuti munachisuntha ndi pomwe chinali.

Lipoti lilembedwe tsiku lomwelo. M'lipoti lenileni mumalembedwa maina onse, ntchito ya munthu aliyense ndi tsiku lathunthu, koma pano titchula anthu ndi ntchito zawo zokha. Pakatikati pa lipoti labwino la ngozi ya pachigayo ija pangamveke motere:

"Magetsi anathima cha m'ma 2:25 masana chigayo chachiwiri chikugaya. Nthawiyi yachokera kwa wolandira ndalama, yemwe akuti anayang'ana pa foni. Iye akuti anaona woyendetsa chigayo ataima kumbali ya mota akukoka lamba ndi dzanja lamanja. Magetsi anabwera cha m'ma 2:40. Wolandira ndalama akuti anamva mota ikulira kenako kukuwa, ndipo anathamanga kukazimitsa swichi yaikulu yapakhoma. Akuti sanaone wina aliyense pafupi ndi bokosi la sitata.

"Ine ndinafika 2:45 kuchokera kunkhokwe. Ngoziyo sindinaione. Ndinapeza wovulala atakhala pansi, chala chamkombaphala ndi chapakati cha dzanja lamanja zikutuluka magazi. Tinamanga ndi bandeji ndipo ananyamuka 2:55 pa njinga yamoto kupita kuchipatala. Chotchinga lamba ndinachipeza chitatsamira khoma, mamita 2 kuchokera pa makina. Pa mabawuti ake 4, awiri anali pawindo, ena awiri sindinawapeze. Chitseko cha bokosi la sitata chinali chotsegula, ndipo m'katimo munali kamtengo kotalika masentimita 8 kokanikiza cholumikizira magetsi. Kamtengoko sindinakachotse. Ndajambula zithunzi 6."

Mukaliwerenga mofatsa muona kuti chiganizo chilichonse chili ndi kochokera. China wolemba anachiona ndi maso ake, china anachiyeza kapena kuchiwerenga, china anauzidwa ndipo watchula amene anamuuza. Kamawu kakuti "akuti" kakugwira ntchito yaikulu pamenepa, chifukwa kakusiyanitsa zomwe kapitawo angalumbirire ndi zomwe wangomva. Chiganizo chakuti "Ngoziyo sindinaione" ambiri amachita nacho manyazi, ngati kuti chikuwaonetsa kuti sanali pantchito, chonsecho ndi chimene chimapangitsa kuti zina zonse zikhulupirike. Ngakhale nthawi ili ndi gwero lake. Pomwe wolemba anayang'ana wotchi walemba nthawi yeniyeni, pomwe ndi yongokumbukira walemba "cha m'ma".

Tsopano taonani kamtengo kaja. Mota yaikulu ngati ya chigayo siyatsidwa ndi swichi wamba ngati ya babu. Imadutsira m'bokosi la sitata, momwe muli cholumikizira chomwe chimagwidwa ndi maginito a magetsi. Magetsi akathima maginitowo amataya mphamvu, cholumikizira chimatseguka chokha, ndipo ngakhale magetsi abwere mota siidzuka mpaka munthu adine batani loyatsira. Anachipanga choncho dala, kuti makina asadzidzimutse munthu amene wawagwira. Koma cholumikizirachi chikayamba kuvuta, kapena sitata ikamadula pafupipafupi, ena amachikanikiza ndi kamtengo kuti ntchito isaime. Zikatero chitetezo chija chatha: magetsi akangofika, mota ikuzungulira. Mnyamata amene anagwirapo pa zigayo zina, nazolowera kuti chigayo sichidzuka chokha, sakanadziwa kuti ichi chokha ndi chosiyana ngati panalibe womuuza.

Kapitawo sanalembe zonsezi, ndipo sanafunike kuzidziwa. Iye anangolemba kuti munali kamtengo ka masentimita 8 ndipo anakasiya momwemo. Wamagetsi akawerenga mzere umenewo amadziwa pomwepo koyambira. Lipoti lija lakuti "kusasamala kwake" silikanatchula kamtengo, chifukwa wolemba akangopeza wolakwa maso ake amasiya kufufuza. Chigayo chikanatsukidwa, mnyamata wina akanalembedwa ntchito, kamtengo kali pomwepo ndipo magetsi adzathimanso.

Ichi ndicho chifukwa chachikulu chopewera mawu oweruza. Mawu ngati "mosasamala", "mwaulesi", "mopupuluma", "mwadala", "monga mwa chizolowezi chake" amaoneka ngati akufotokoza, koma palibe chomwe akuonetsa. Njira yowayesera ndi yosavuta. Dzifunseni ngati kamera ikanakhala pamalopo ikanajambula chimene mwalembacho. Kamera ingajambule munthu akukoka lamba ndi dzanja. Singajambule kusasamala. Ingajambule munthu akuthamanga atanyamula thumba, koma singajambule kupupuluma kwa mumtima. Chimene kamera singachione, kapena tepi singachiyeze, kapena khutu silinachimve, chidikire ofufuza.

Chifukwa china ndi anthu otsala. Ogwira ntchito akaona kuti lipoti ndi chikwapu, ngozi yotsatira amaibisa. Wodzicheka pang'ono amamanga kansanza nkukhala chete, woona makina akuchita zachilendo amayang'ana kumbali, ndipo mboni zimayamba kunena kuti zinali kunja. A zandege anaphunzira zimenezi kalekale. Malamulo a bungwe la ICAO, lomwe linachokera pa pangano la mayiko losainidwa ku Chicago mu 1944, amanena poyera kuti cholinga chofufuzira ngozi ya ndege ndi kupewa ngozi zina, osati kugawa mlandu. Sikuti iwo ndi anthu ofatsa kuposa ena. Anaona kuti woyendetsa ndege kapena makaniko amene akuopa kumangidwa sanena zonse, ndipo chomwe wabisacho chimakagwetsa ndege ina. Chigayo ndi chaching'ono poyerekeza ndi ndege, koma mantha a munthu woopa kuchotsedwa ntchito ndi omwewo.

Kungoganizira ndi vuto lina, ndipo limalowa m'lipoti mozemba kuposa kuloza chala, chifukwa wolemba amakhala akufuna kuthandiza. Mawu oyenera kuwakayikira ndi "chifukwa", "mwina", "zikuoneka kuti", "ayenera kuti". Kapitawo akalemba kuti "ayenera kuti anachotsa chotchinga lamba kuti agwire bwino", wapanga nkhani yomveka, koma mabawuti awiri osowa aja angakhale akunena zina: kuti chotchingacho chinachotsedwa kale posintha lamba ndipo sichinabwezeretsedwe. Fumbi la ufa lomwe launjikana pamwamba pake lingathe kuonetsa ngati chakhala pakhomapo ola limodzi kapena mwezi. N'chifukwa chake chithunzi chojambulidwa munthu asanapukute chili ndi phindu kuposa maganizo a wolemba. Ngati sizikudziwika, lipoti linene kuti, "Amene anachotsa chotchinga ndi tsiku lomwe chinachotsedwa sizinadziwike pa nthawi yolemba lipotili." Mpata wosiyidwa poyera wofufuza amauona nkuutsata, pamene mpata wotsekedwa ndi zongoganiza amaudutsa osadziwa.

Nkhani ya mowa imafuna kusamala kwambiri. Kulemba kuti "anali ataledzera" ndi kugamula chinthu chomwe chimafuna kuyezedwa. Ngati wina anamvadi fungo la mowa, lembani kuti wakutiwakuti akuti anamva fungo la mowa pomwe ankamunyamula, ndipo ngati ena amene anamunyamula sanalimve, lembaninso zimenezo. Ngati palibe amene anamva kanthu koma anthu akungodziwa kuti mnyamatayo amamwa Loweruka, zimenezo zilibe malo m'lipoti. N'chimodzimodzi ndi za m'thupi. Kapitawo si dokotala, ndiye asalembe kuti fupa lathyoka kapena kuti bala ndi laling'ono. Alembe dzanja liti, chala chiti, chomwe chinkaoneka, ndi chomwe wovulala ananena, monga kuti sankatha kupinda chala. Kulakwitsa kumanja ndi kumanzere kumaoneka kochepa, koma pepala la kuntchito likasemphana ndi la kuchipatala, wovutika pofuna chipukuta misozi ndi wovulalayo.

Palinso kuganizira kwina komwe kuno kwathu sitingakudumphe. Zigayo zimanenedwa zambiri, ndipo munthu akavulala pachigayo sipalephera wonena kuti mwini wake anachikhwimira. Zimene munthu amakhulupirira ndi zake, ndipo lipoti silinabwere kudzatsutsana naye. Koma mphekesera yotere ikalowa papepala imachita zomwe mawu akuti "kusasamala" amachita: imapereka yankho msanga, anthu nkusiya kutsegula bokosi la sitata. Imathanso kuika moyo wa munthu wonenedwayo pachiswe.

Mboni zifunsidwe payekhapayekha, zisanakhale pamodzi nkugwirizanitsa nkhani. Anthu sachita kupangana kuti aname. Kungomva mnzako akufotokoza kumasintha zomwe iwe ukukumbukira. Ngakhale kafunsidwe kamasintha yankho. Mu 1974 akatswiri awiri a za maganizo ku America, Elizabeth Loftus ndi John Palmer, anaonetsa anthu mafilimu a ngozi za galimoto nkuwafunsa liwiro lomwe galimotozo zinkayenda. Amene anafunsidwa ndi mawu osonyeza kuphwanyana koopsa anatchula liwiro la mamailosi pafupifupi 41 pa ola, pamene amene anafunsidwa ndi mawu osonyeza kungokhudzana anatchula pafupifupi 32, chonsecho anaonera zinthu zofanana. Pa kuyesa kwina, patatha sabata, ambiri mwa amene anamva mawu oopsa aja ananena kuti anaona magalasi osweka kuposa anzawo, pomwe mufilimumo munalibe galasi losweka. Choncho kufunsa wolandira ndalama kuti, "Si munamuona akuchotsa chotchinga?" ndi kumupatsa chithunzi chomwe mwina analibe. Funso labwino ndi lakuti, "Tandiuzani zomwe munaona kuyambira pomwe magetsi anathima," kenako kukhala chete mpaka amalize. Mufunseninso pomwe anaima, chifukwa munthu amene ali pa tebulo la ndalama sangaone chilichonse kuseri kwa makina. Mukalemba, muwerengereni, akonze pomwe mwaphonya, asaine. Mboni ziwiri zikasiyana, wina akuti 2:40 wina akuti 3 koloko, lembani zonse ziwiri. Kusankha yolondola si ntchito ya wolemba lipoti.

Wovulalayo nayenso ndi mboni, ndipo nthawi zambiri ndiye amaiwalika. Asafunsidwe ali pa ululu kapena atangobayidwa mankhwala, ndipo asasainitsidwe pepala lomwe sanaliwerenge kapena kuwerengeredwa m'chiyankhulo chomwe amamva. Akapezako bwino, mawu ake alembedwe monga wawanenera. Akanena kuti, "Ndimadziwa kuti chigayo sichidzuka chokha," musasinthe nkulemba kuti "wavomera kuti sanazimitse swichi". Chiganizo chake chikuuza wofufuza zomwe munthuyo ankayembekezera, ndipo pamenepo ndi pomwe pali phunziro.

Wina angafunse ngati kusaloza chala sikukhala kubisa wolakwa. Ayi, ndipo apa pamafunika kulimba mtima. Lipoti lopanda chiweruzo silobisa zochita za anthu. Ngati mnyamatayo anagwira lamba swichi yaikulu isanazimitsidwe, lipoti linene choncho mosapsatira. Ngati pakhoma pali chikwangwani choletsa zimenezo, linene kuti chilipo ndi zomwe chalembedwa. Koma muyezo womwewo ugwirenso ntchito kumbali ya akuluakulu. Ngati m'buku la zokonza makina munalembedwa mwezi watha kuti sitata ikuvuta, tsamba limenelo litchulidwe. Ngati palibe cholembedwa chosonyeza kuti mnyamatayo anaphunzitsidwa kazimitsidwe ka makina, lilembe kuti cholembedwa chotere sichinapezeke. Ngati anayamba ntchito 5 koloko m'mawa osapumula, maola amenewo ndi mfundo ngati ina iliyonse. Malipoti ambiri okondera sanama. Amangolemba mwatsatanetsatane zomwe wamng'ono anachita, za wamkulu nkuzidumpha. N'chifukwa chake si bwino kuti kapitawo amene nkhaniyo ikumukhudza, mwachitsanzo ngati ndiye anauzidwa za sitata osachitapo kanthu, akhale yekha wolemba. Pakhale wina, kaya woimira ogwira ntchito, woti aonenso malowo ndi kusaina.

Pepalali silithera m'kabati ya pachigayo. Ku Malawi, lamulo la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pamalo a ntchito limafuna kuti ngozi yopha munthu kapena yomulepheretsa kugwira ntchito kwa masiku angapo idziwitsidwe ku boma polemba, ndipo lamulo la 2000 la chipukuta misozi cha ogwira ntchito ndilo limatsogolera malipiro a wovulala. Zonsezi zimadutsira ku Unduna wa Zantchito, ndipo ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ndi komwe mungapeze mafomu ake ndi kuuzidwa masiku omwe muyenera kukhala mutapereka. Zomwe zimalembedwa pa mafomuwo zimachokera m'lipoti loyamba lija. Chipukuta misozi cha pantchito sichidalira kuti wovulala akhale wopanda cholakwa chilichonse, koma kudzivulaza dala kumaonedwa mosiyana ndi ngozi. Ndiye mawu akuti "mwadala", olembedwa ndi kapitawo wokwiya tsiku la ngozi, angathe kudzavutitsa banja lonse miyezi yambiri pambuyo pake. Mwini chigayo nayenso amatetezedwa ndi lipoti loona, chifukwa likhala ndi nthawi, zithunzi ndi mawu a mboni olembedwa nkhani isanakule m'kamwa mwa anthu.

Lipoti likasainidwa lisafufutidwe kapena kulembedwanso mwakachetechete. Zatsopano zimabwera ndithu. Mawa lake chipatala chinena chomwe chapeza pa zala zija, wamagetsi atsegula bokosi nkupeza kuti koyilo ya cholumikizira inapsa, ndipo mwina wogwira ntchito usiku akumbukira kuti kamtengo kanaikidwa sabata ziwiri zapitazo pomwe makasitomala anali pamzere. Chilichonse mwa izi chilembedwe pa tsamba lowonjezera, ndi tsiku lake, dzina la wonena ndi la wolemba. Ngati m'lipoti loyamba muli cholakwika, monga nthawi, chidulidwe ndi mzere umodzi kuti chizionekabe, cholondola chilembedwe pambali, wokonzayo asainepo ndi kuikapo tsiku. Wovulala apatsidwe kope lake, lina lisungidwe pamodzi ndi zithunzi, ndipo chigayo chachiwiri chisayatsidwe mpaka wamagetsi atasintha cholumikizira, chotchinga lamba chitamangidwa ndi mabawuti onse 4, ndipo wina atayesa kuzimitsa ndi kuyatsanso swichi yaikulu, aliyense ali patali, nkuona kuti mota yakhala chete mpaka batani litadinidwa.